Madola 21 omwe tinawotcha ku Kuwadzana tisanaphunzire kuwerengera

Ambiri mwakhala mukutifunsa ngati kulipira Facebook kuti ilengeze shopu yatsopano kumabweza ndalama. Tikuuzani zomwe zinatichitikira ife, ine ndi mlamu wanga, titatsegula kashopu ka zitenje ku Kuwadzana ku Harare.

Zitenje timakapikula ku Limbe, n'kudutsa nazo pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Tikaphatikiza mtengo wopikulira, thiransipoti ndi za pa boda, chitenje chimodzi chimafika pa shelefu chitadya madola 3 ndi masenti 50. Timagulitsa madola 5, ndiye phindu ndi dola imodzi ndi theka. Musaiwale nambala imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mwezi woyamba anthu ankangodutsa pakhomo, pomwe lendi ya madola 120 inkatidikira.

Tinajambula zitenje, kuika pa tsamba la shopu, n'kudina batani lija lolembedwa Boost post. Tinalipira ndi khadi ya Visa yoikamo madola, madola 3 pa tsiku kwa sabata imodzi, zonse pamodzi madola 21. Malo tinasankha Zimbabwe yonse, poganiza kuti ukonde waukulu ndiwo umagwira nsomba zambiri. Cholinga sitinachikhudze n'komwe.

Foni inalira sabata yonse. Malaiki anapitirira 400, ndipo tinkagona tikumwetulira. Koma ofunsa mtengo anali a ku Bulawayo, a ku Mutare, a ku Gweru. Ndani angakwere basi kuchoka ku Mutare kudzagula chitenje cha madola 5? Sabata itatha, zomwe zinagulidwa chifukwa cha kulengezako zinali zinayi basi. Phindu madola 6, zomwe tinalipira madola 21. Madola 15 anapita, ofanana ndi phindu la zitenje khumi zomwe tinavutika nazo pa maboda awiri. Mlamu anati tisiye. Tinagwirizana zoyesa komaliza, koma titagwira kope ndi cholembera.

Choyamba kusintha chinali cholinga. Facebook imakupatsani chomwe mwapempha. Mukapempha malaiki, imafunafuna anthu okonda kudina laiki, ndipo ameneŵa si ogula ayi. Tinalumikiza nambala ya WhatsApp Business ku tsamba la shopu, n'kusankha kuti wodina azifikira pa WhatsApp yathu. Munthu amene wavutika kulemba meseji ndiye kuti wayamba kale kuganiza zotulutsa ndalama.

Chachiwiri chinali anthu oti aone. Tinadzifunsa kuti amene angabwere pashopu wapansi kapena pa kombi imodzi ndi ndani. Pa mapu tinabaya pomwe pali shopu, n'kuika makilomita 5 kuzungulira. Bwalo limeneli linatenga Kuwadzana, Kuwadzana Extension, Dzivarasekwa ndi mbali ina ya Warren Park. Tinasankha amayi a zaka 25 mpaka 55, chifukwa ndi omwe ankagula pakauntala. Zosankha zina zija, zonena kuti munthu amakonda chiyani, tinazisiya, poti bwalo likakhala laling'ono kale, kulipanikizanso kumasiya anthu ochepa oti aziona chithunzi chomwecho mpaka kutopa nacho. Uthenga tinalemba m'Chishona mothandizidwa ndi mtsikana wa shopu yoyandikana nafe, ndipo mtengo tinaulemba pachithunzi penipeni. Tinkaopa kuti mtengo uthamangitsa anthu, koma unangothamangitsa ofunsa chabe, amene akanatidyera nthawi.

Chachitatu chinali ndalama ya pa tsiku. Tisanadine chilichonse tinawerengera chonchi: madola 2 pa tsiku kwa masiku 7 ndi madola 14. Kuti madola 14 abwerere pa phindu la dola ndi theka, pafunika zitenje 10. Choncho tinadziwiratu kuti pansi pa 10 taluza, pamwamba pa 10 tadya. Musadabwe mukaona tsiku lina yadya kupitirira madola 2 aja, chifukwa imalinganiza pa sabata yonse. Komanso musamasinthesinthe zinthu tsiku lililonse. Masiku awiri oyamba athu anali ozizira, zinayamba kuyenda tsiku lachitatu.

Tsopano kuyeza kwake. Pa foni pamaoneka manambala ambiri, koma ife tinkayang'ana imodzi yokha, yolembedwa Cost per messaging conversation started, kutanthauza ndalama yomwe mwalipira kuti munthu m'modzi ayambe kucheza nanu. Anatilembera anthu 28, ndiye aliyense anatidyera masenti 50. Koma Facebook siona ndalama yomwe yalowa m'kabati kapena pa EcoCash. Imeneyo ndi ntchito ya kope. Aliyense wogula tinkamufunsa kuti watidziwa bwanji, n'kulemba tsiku, zomwe wagula ndi yankho lake. Odutsa chabe ndi otumidwa ndi anzawo tinkawalemba tsamba lina, kuti tisadzinamize.

Mwa anthu 28 aja, 9 anafika n'kugula zitenje 17. Apa ndi pomwe ambiri timapusira. Zitenje 17 ndi madola 85, ndipo ukayika 85 pambali pa 14 umaona ngati wapha njovu. Koma madola 59 ndi theka mwa amenewo ndi mpamba, oyenera kubwerera ku Limbe. Phindu lenileni linali madola 25 ndi theka. Kuchotsa 14 ya kulengeza, tinatsala ndi madola 11 ndi theka. Si zolemera nazo, koma amayi atatu mwa 9 aja anabweranso mwezi wotsatira osatidyeranso senti, ndipo m'modzi anadzaoda zitenje zofanana za gulu lake la kutchalitchi.

Tinadzapunthwanso kamodzi, ndipo ili ndi la inu oyenda. Katundu atachepa tinanyamuka tonse awiri kukapikula, kulengeza tikusiya kukuyenda. Titangowoloka Nyamapanda bandulo yathu ya ku Zimbabwe inasiya kugwira, ndipo tinali pakalikiliki wa pamsewu. Titabwerako patatha masiku anayi tinapeza mameseji 13 osayankhidwa ndi madola 8 atadyedwa. Tinayankha onse, koma anabwera m'modzi yekha. Lero lamulo lathu ndi lakuti tisanakwere basi timazimitsa kulengeza, pokhapokha foni ya shopu yatsala ndi munthu wodziwa mitengo. Timazimitsanso mtundu womwe uli pachithunzi ukatha, chifukwa mayi amene wakwera kombi n'kupeza palibe sabweranso.

Dziwaninso malire ake. Anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo amenewo zolengeza za pa Facebook saziona. Ndiye aliyense wotilembera timasunga nambala yake, n'kumupempha asunge yathu, kuti katundu watsopano aziwuona pa sitetasi mwaulere. Mapu nawonso si angwiro: tinalandirabe mameseji angapo ochokera ku Chitungwiza ngakhale tinaika makilomita 5.

Pano timalengeza sabata imodzi pamwezi, ya kumapeto anthu akalandira, madola 2 pa tsiku. Mtengo wa meseji imodzi ukafika dola timasintha chithunzi, ndipo miyezi iwiri yotsatizana ikalephera kufika zitenje 10 tidzasiya. Inu a mpunga, a nsapato kapena a kaunjika, manambala anu adzasiyana ndi athu. Musanaike khadi, tengani ndalama ya sabata yonse muigawe ndi phindu la chinthu chimodzi, ndipo yankholo mulilembe pamwamba pa tsamba loyamba la kope. Muyende bwino.