Dzina limamangidwa ndi kope

Amayi akandifunsa kuti, "Kodi zolembalembazi zimalipira liti?" ndimangoseka. Digiri ili m'sutikesi, ntchito kulibe, ine ndili pa Nsanje boma ndi foni yosweka galasi komanso kope.

Ndinayamba kulemba za madzi osefukira mu Januwale 2015, ndili kusekondale, Ruo atamiza Makhanga. Ankawerenga ndi anzanga atatu basi. Pofika nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndinali nditazolowera, ndipo kuzolowerako ndi kumene kunandigwetsa. Pa kampu ina, wapampando wa komiti anandiuza nambala ya anthu amene anathawira pasukulupo. Ine chifukwa chothamangira kukhala woyamba, ndinalemba kuti ndi mabanja. Banja limodzi kuno limatha kukhala la anthu asanu kapena kuposa, ndiye kampuyo inakula kasanu m'nkhani yanga. Mkulu wina wogawa chithandizo anandiimbira: "Achimwene, nambala iyi mwaitenga kuti?" Thukuta linatuluka, osati la dzuwa la kuno.

Ndinakonza poyera, ndi kupepesa. Kuyambira tsikulo nambala iliyonse imalowa m'kope ndi zinthu zitatu: tsiku, amene wandiuza, komanso ngati akuwerenga anthu kapena mabanja. Ndisanatulutse nkhani ndimafunsanso munthu wachiwiri. Akasiyana, ndimalemba kuti asiyana. Izi zimandichedwetsa tsiku lathunthu, anzanga n'kundipitirira.

Mtima ukafuna kuthamanga ndimakumbukira bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anafika m'dziko muno mu 1955. Anakhala pansi ndi Amang'anja kumvetsera mbiri ya Mbona wa ku Khulubvi, konkuno kwathu. Digiri ya udokotala anaitenga ku Oxford mu 1968, koma buku lake lalikulu la Mbona, River of Blood, linatuluka mu 1992. Kuchokera pamene anafika mpaka bukulo, zaka 37. Pakatipa sanakhale chete: ankaphunzitsa, kulemba nkhani zifupizifupi, ndi kufananiza mmene anthu osiyanasiyana amafotokozera imfa ya Mbona. Lero wofufuza za Mbona sangamulambalale.

Ine sindinafike kumeneko. Koma Freddy atawomba mu Malichi 2023, mkulu uja anandiimbiranso. Mtima unagunda, ndimayesa ndalakwitsanso. Iye amafuna ndidzalankhule pa msonkhano wawo, ndifotokoze midzi imene inazingidwa ndi madzi mu 2019 ndi 2022, poti wamva kuti ndimasunga masiku. Ndinalankhula mphindi khumi, kope likunjenjemera m'manja. Sindinakambe za boma lonse, ndinangokamba za midzi imene ndinapondamo ndekha. Atandifunsa za kwina ndinati, "Kumeneko sindinafikeko."

Anandipatsa ya thiransipoti yokha. Ndinagula shuga wa amayi ndi kope latsopano. Amayi analandira shugayo, n'kuyang'ana kopelo, n'kufunsa funso lawo lija. Mvula ya chaka chino ikubwera, ndipo tsamba loyamba ndalemba kale tsiku.