Sikelo Yanga Ndi Dzanja

Anzanga, zowerenga makalori ine zimanditopetsa. Kwathu timadyera mbale imodzi, ndiye ndani angaike nsima pa sikelo? Ine ndimangoyang'ana dzanja langa, chifukwa limakula mogwirizana ndi thupi la mwini wake.

Nsima, mpunga kapena mbatata yophika ndimayeza ndi chibakera: chimodzi ndi gawo limodzi. Nsomba kapena nyama ifanane ndi chikhatho, osawerengera zala. Masamba adzaze manja onse awiri. Mafuta ndi nsonga ya chala chachikulu basi, ngati kasupuni ka tiyi.

Tiyeni tione chakudya chamasana. Mtanda umene amayi amaomola umakwana zibakera zanga ziwiri. Mitanda itatu ndi zibakera 6, pomwe chisoso chongosunsira sichidzaza n'dzanja limodzi lomwe. Apa vuto silikhala nsima yokha ayi, komanso kuchepa kwa ndiwo. Ndiye ine ndimayamba ndaonjezera masamba ndi usipa, za mtanda wachitatu ndimaona pambuyo.

Koma chibakera ndi muyeso chabe, si lamulo loti udye chimodzi. Ife tikukula, timayenda mtunda kubwera kuno, ena timalima tikaweruka. Timafunika zambiri kuposa munthu wongokhala mu ofesi. Ukamamva chizungulire m'kalasi kapena kuonda osadwala, mwina wachepetsa kwambiri. Onjezera, ndipo zikapitirira pita kuchipatala.

Dzanja silionanso zobisika. Mandasi amodzi ndi ochepa ngati chibakera, koma mafuta amene amwa m'chiwaya sungawayeze ndi chala. Amenewo werenga kuti wadya angati pa sabata.