Manambala Akabwera Opanda Funso

Ntchito yanga ndi yosamala ziwerengero za odwala kuno ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira mu 2007, ndipo mbiri ya odwala ambiri imasungidwa mu OpenMRS. Kawirikawiri anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono amanditumizira mizere pafoni popanda kunena chimene akufuna. Sindiwadzudzula, chifukwa netiweki ya kumapiri kuno imagwira mwa apo ndi apo, ndipo munthu amatumiza msangamsanga isanathawe.

Mizereyo imatha kubwera motere:

```
03/04/2023,F,34,38.5
05/04/2023,M,7,999
```

Ndisanayankhe ndimayamba ndawerenga. Mzere woyamba ukuoneka kuti ndi wa mayi wa zaka 34, koma 38.5 ndi chiyani? Ngati ndi kutentha kwa thupi, mayiyo watentha ndipo angafunike kuyezedwa malungo. Ngati ndi makilogalamu, ndiye kuti waonda kwambiri, nkhani yake ndi ina. Tsikulo nalo likhoza kukhala 3 Epulo kapena 4 Malichi, malinga ndi mmene kompyuta inatcheredwera, ndipo ndikalota molakwa ndiika wodwalayo mu lipoti la mwezi wina. Nambala ya 999 si muyezo ayi. Alembi ena amailemba pamene sanayeze, moti ikalowa m'masamu imakoka avereji yonse.

Pamenepa ndimafunsa, koma sindinena kuti "Mukufuna chiyani?" Funso lotere limangobweza katundu kwa mwini wake, tsiku n'kupita. Ndimalemba kuti: "Achimwene, ndaona mizere iwiri. Kodi nambala yomalizayo ndi sikelo kapena kutentha? Nanga mukufuna ndikonze 999 kapena ndiwerengere lipoti la mwezi?" Iwo angayankhe ndi mawu awiri okha, ngakhale foni ili pafupi kuzima.

Pali nthawi imene sindifunsa. Wina akatumiza khodi pamodzi ndi uthenga wa kompyuta wonena kuti `Unknown column`, funso lake lili poyera: khodiyo ikutchula dzina limene mu tebulo mulibe. Ndimakonza, n'kumuuza chimene ndasintha kuti anditsutse ngati sichimene amafuna.

Yoopsa ndi khodi imene ikuyenda bwinobwino:

```
SELECT COUNT(*) FROM encounter;
```

Iyi imawerenga nthawi zonse zimene odwala anaonedwa n'kulembedwa, osati anthu, choncho wodwala matenda a shuga amene wabwera kanayi awerengedwa kanayi kapena kuposerapo. Imaphatikizanso zolemba zimene zinafufutidwa, chifukwa palibe `voided = 0`. Zimenezi ndimamuuza mwini khodi nthawi yomweyo, kenaka n'kufunsa ngati akufuna anthu kapena maulendo.

Muyezo wanga ndi uwu: ngati kulota kwanga kutalakwika kuonekera pompo, ndimalota, ngati kungalowe mu lipoti popanda wozindikira, ndimafunsa. Malipotiwa ndi amene amathandiza kudziwa kuchuluka kwa mankhwala oti apite ku Dambe kapena ku Lisungwi, ndipo nambala yolota singachiritse munthu.