Mfundo Yosowa, Kapena Tsamba Losowa?

Pokonzekera phunziro la mbiri ya dziko lathu, tinajambula masamba a Malamulo Aakulu a Malawi a 1966 ndi a 1994. Pa bolodi tinalemba tebulo: chikalata chilichonse chinali ndi danga lake, ndipo mitu inali itatu, ndiyo zofanana, zosiyana ndi zosowa.

Zofanana sizinativute, pakuti zikalata zonse ziwiri zimanena za Pulezidenti ndi Nyumba ya Malamulo. Zosiyana nazonso zinali poyera: cha 1966 chinalola chipani chimodzi chokha, pamene cha 1994 chinapatsa nzika ufulu woyambitsa chipani kapena kulowa chimene ikufuna.

Tinaphunthwa pa zosowa. Poona kuti cha 1994 chili ndi mutu wathunthu, wachinayi, wonena za ufulu wachibadwidwe, tinalemba kuti cha 1966 sichitchulako nkhaniyi. Titabwerera ku buku lenileni, tinapeza kuti koyambirira kwake chimavomereza chikalata cha ufulu wa anthu cha bungwe la Mgwirizano wa Mayiko Onse. Tsamba limenelo sitinalijambule. Tikadaphunzitsa ana bodza! Mfundoyo tinaisamutsira ku zosiyana.

Tsopano tisanalembe kuti "palibe", timayamba taona ngati manambala a masamba ndi a ndime akutsatana m'zithunzi. Akadumpha, timalemba kuti "sizinajambulidwe", ndipo timabwerera ku buku.