Nyemba sizidzutsa munthu masana

Ambili a ife ogwila nchito ya mashifiti tinayambila pa nkhuku zoyela, cifukwa aliyense mu komboni amati m'masabata 6 ndalama yabwela. Cimene sitinawelengele n'cakuti anapiye amafuna kutentha usiku wonse m'masabata awili oyamba, ndipo munthu ali ku fakitale kucokela 22 koloko mpaka 06 sangayang'anile mbaula. Tikafika kunyumba, m'malo mogona tinali kutapa madzi na kusintha utuci. Tulo tunatsala maola anayi, pomwe thupi la munthu wamkulu limafuna 7 kapena kuposa. Zizindikilo zake sizibisika: kupitilila siteshoni uli mtulo mu basi, kuŵelenga cenji kaŵili, maso kutsekeka pang'ono uli pafupi na makina. Cothela ici cingadule dzanja.

Ndiye tinatenga pepala la mashifiti n'kuyang'ana nthawi imene imatsaladi. Sabata ya m'mawa (06 mpaka 14) na sabata ya usiku zili na mpata umodzi, kuyambila 16 mpaka 19 koloko. Sabata ya masana (14 mpaka 22) mpatawo usamukila ku m'mawa, ca m'ma 10. Bizinesi yofuna kuti munthu azipezeka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, monga kantemba kapena vitumbuwa, inagwela pomwepo.

Zinatsala ni zinthu zouma: nyemba, kapenta, nshawa. Zimadikila mwini wake mpaka adzuke. Timakaoda ku Soweto Maketi pa tsiku lopuma, kamodzi pa mwezi, n'kulongedza madzulo amodzi. Makasitomala ni anzathu a pa nchito. Amalembetsa pa foni, katundu alandilila kunja kwa geti posinthana shifiti, osati mkati, pakuti makampani ambili salola malonda pa nchito.

Phindu lake si lalikulu, tisanamizane. Tinene kuti thumba la nyemba talitenga pa K900, ndipo mwatuluka mapaketi 40 a K30. Zonse ni K1,200. Tikacotsa K80 ya mapulasitiki na thilansipoti, yatsala K220. Apa ndiye pali msampha wa "nizakupatsa kumapeto kwa mwezi". Anthu anayi okha akapanda kulipila, K120 yapita, kuposa theka la phindu. N'cifukwa cake nkhongole timalemba m'buku, ndipo amene sanamalize yakale satenganso, ngakhale akhale mnzathu wodya naye nsima pa buleki.

Lamulo lovuta kusunga ni la foni. Sabata ya usiku timaizimitsa kuyambila 08 mpaka 15 koloko, bulangete yakuda pa windo, ndipo a m'nyumba amadziŵa kuti wogogoda kufuna paketi imodzi abwele pa 16. Ena amakwiya n'kukagula pa kantemba ka pafupi. K30 imeneyo timaisiya ipite.