Nambala Yamainasi Imene Ndimayamba Kuiona

Ntchito yanga ndi yomanga ma eriyo ndi kuika marauta m'nyumba, m'magolosale ndi m'maofesi a kumidzi. Anthu akandiitana amandilozera timizere ta netiweki pa foni, amati, "Onani, tilipo tiwiri tokha." Timizereto ine sindidalira. Kampani iliyonse yopanga mafoni imadzisankhira yokha kuti mphamvu yakuti ikhale timizere tingati, motero mafoni awiri ogona patebulo limodzi, okhala ndi laini ya kampani imodzi, wina aonetsa tinayi pamene mnzake akuonetsa tiwiri. Chimene sichisintha ndi nambala yobisika mkati, imene imathera ndi zilembo za `dBm`.

Pa mafoni ambiri a Android nambalayo imapezeka mukalowa mu `Settings`, kenako `About phone`, kenako `SIM status`, pa mzere wolembedwa `Signal strength`. Pa iPhone mumaimba manambala awa ngati mukuimbira munthu, ndipo pamatseguka tsamba la amisiri:

```
*3001#12345#*
```

Marauta olowetsa simukhadi ali ndi tsamba lawolawo. Adiresi yake imalembedwa pa kapepala komata kunsi kwa rautayo, ndipo pa ambiri a Huawei ndi `192.168.8.1`.

Nambala mudzaipeza ili ndi mainasi kutsogolo, monga -85 kapena -108. Apa m'pamene ambiri amasokonekera, chifukwa diso limathamangira 108 n'kuganiza kuti ndiye wamkulu. Ine ndimawauza kuti aiwerenge ngati ngongole: wa ngongole ya 108 ali pamavuto kuposa wa ngongole ya 85. Nambala ikamayandikira ziro, siginolo ikulimba. Mainasiyo amabwera chifukwa muyezowu umayambira pa miliwati imodzi, imene imalembedwa 0 dBm, ndipo mafunde amene amafika pa foni kuchokera pa nsanja ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi miliwatiyo.

Chachiwiri chimene mmisiri ayenera kuchisunga pamtima n'chakuti madesibelo sayenda ngati masentimita a pa tepi. Mukatsika ndi madesibelo 3, mphamvu yatsala theka. Mukatsika ndi 10, yatsala gawo limodzi mwa magawo khumi. Mukatsikanso ndi 10 ena, yatsala gawo limodzi mwa 100. Ndiye foni imene ikuwerenga -110 ikulandira mphamvu yochepa ka 1,000 poyerekeza ndi imene ikuwerenga -80, ngakhale papepala kusiyana kwake kukuoneka ngati 30 chabe. N'chifukwa chake ndimatha kuthera theka la ola pamakwerero kusaka madesibelo 6, mwininyumba akudabwa kuti ndikulimbana ndi chiyani. Madesibelo 6 ndi mphamvu yochuluka kanayi.

Pa 4G nambala imene timaiona imatchedwa `RSRP`, ndipo imayambira pa -44 kukalekeza pa -140. Amisiri amasiyana pang'ono poika malire, koma ine ndimagwira ntchito motere. Kuyambira -90 kupita kumtunda palibe chodandaula. Pakati pa -90 ndi -100 zinthu zimayenda, mauthenga ndi mavidiyo omwe. Kupyola -100 ndimayamba kutchera khutu, ndipo kupyola -110 ndimadziwa kuti chipangizo chili m'mphepete mwenimweni mwa dera limene nsanja imafikira. Chakuma -120 foni imayamba kuitaya 4G n'kutsikira ku 3G kapena 2G, nthawi zina n'kusoweratu netiweki. Malire amenewa ndi a 4G yokha. Wi-Fi ali ndi ake: kumeneko -67 ndiye pamene timafuna ngati munthu aziimba mafoni a vidiyo, -80 ndi kudukaduka, ndipo -90 ndi kutheratu. Nambala ya -90 yomweyo ndi yabwino pa 4G koma yakufa pa Wi-Fi, choncho musanaweruze yambani mwadziwa kuti mukuwerenga muyezo wa chiyani.

Siginolo ikafooka foni siingokhala chete kudikira. Choyamba, nsanja imasintha kayankhulidwe. Pamene mafunde ali omveka bwino imanyamulitsa funde lililonse uthenga wambiri, koma akafooka imachepetsa katunduyo ndi kuwonjezera zizindikiro zokonzera zolakwika, ndipo zina zikatayika panjira imazitumizanso. Munthu amangoona tsamba likuchedwa kutseguka. Chachiwiri, foni nayo iyenera kuyankha, ndipo apa m'pamene pali vuto lalikulu. Nsanja ili ndi magetsi ambiri ndi ma eriyo akuluakulu, pamene foni wamba pa 4G siingapitirire 23 dBm, amene ndi mamiliwati 200. Ikakhala kutali imatulutsa mphamvu yake yonseyo, batire limatha msanga, msana wa foni umafunda, komabe nsanja imaimva movutikira. N'chifukwa chake pamalo ofooka mumatha kulandira chithunzi koma kutumiza chanu kumakana. Ndaonapo anthu akugula batire latsopano pamene lakalelo linalibe vuto. Foni imangokhala tsiku lonse pa -115.

Mayi wina wa golosale pa tauni ina yaing'ono anandiitana chifukwa rauta yake inkadukaduka. Ankagwiritsa ntchito intaneti poitanitsa katundu ndi kusindikizira ana asukulu zikalata. Sitolo yake ndi ya njerwa zootcha, yofolera malata, mawindo ali ndi zitsulo zotchingira akuba, ndipo rauta inali pansi pa kauntala pafupi ndi firiji ya zakumwa. Ndisanakhudze kanthu ndinawerenga pamene inalipo: -113. Ndinainyamula n'kupita nayo pa windo loyang'ana kumsewu, ndinadikira pang'ono kuti nambala ikhazikike, inati -104. Kudikirako n'kofunika, chifukwa nambala imasinthasintha ndi madesibelo awiri kapena atatu ngakhale mutaima chilili, ndipo thupi lanu lenilenilo limatchinga mafunde mukaima pakati pa chipangizo ndi nsanja. Nditakwera padenga ndinawerenga -95. Kuchokera pansi pa kauntala kufika pamwamba pa malata panali kusiyana kwa madesibelo 18, ndiye kuti mphamvu yochuluka kopitirira ka 60. Nsanja inali bwinobwino, koma khoma, malata ndi firiji ndiwo ankadya siginolo.

Mayiyo anali atagula kale eriyo mumzinda, yolembedwa kuti imawonjezera madesibelo 9, pamodzi ndi kebulo yopyapyala ya mamita 15, ya mtundu wa `RG58`. Anati, "Achimwene, ingoimangani pamwambapo, nthamboyi ifika mpaka pa kauntala." Ndinawapempha kuti tiyambe tawerengera limodzi kuseri kwa lisiti. Padenga pali -95. Eriyo ikawonjezera 9 tifika pa -86. Koma kebulo yopyapyalayo, pa mafunde a 1800 MHz, imadya pafupifupi madesibelo 8 pa mamita 10 aliwonse, ndiye pa mamita 15 idya pafupifupi 12. Tibwerera pa -98, ndipo molumikizira mudya desibelo ina imodzi. Zimene eriyo yapindula zonse zikanathera m'njira. Zikanakhala bwinoko kuposa pansi pa kauntala, inde, koma ndalama zawo zikanagula zochepa kwambiri.

Ndinachita zina. Rauta ndinaikweza pa shelefu pamwamba pa khoma, pafupi ndi pamene paipi ya eriyo yaima kunja, kuti kebulo ikhale ya mamita 3 okha. Kuchokera pa rauta kupita ku kompyuta ya pa kauntala ndinayala kebulo ya netiweki, imene imatha kuyenda mpaka mamita 100 popanda kutaya kanthu, chifukwa mmenemo simuyendanso mafunde ofooka a nsanja. Kenako ndinakwera n'kuyamba kutembenuza eriyo pang'onopang'ono, mwana wa mayiyo ali pansi akundiwerengera nambala mokweza. Ndikatembenuza pang'ono ndimaima, ndimadikira, ndimamva nambala, ndimatembenuzanso. Tinakhazikika pa -89.

Koma sindinamange mabawuti pamene nambalayo inali yokwera kwambiri. Pamzere wapansi pa tsamba lomwelo pamakhala nambala ina, `SINR`, imene imanena kuti siginolo yanu yapambana phokoso ndi madesibelo angati. Phokosolo ndi mafunde a nsanja zina zimene zikugwiritsa ntchito njira yomweyo, pamodzi ndi phokoso la m'kati mwa chipangizo chenichenicho. Iyi imalembedwa `dB` chabe, ndipo apa nambala yaikulu ndiyo yabwino: kupyola 20 ndi bwino kwambiri, pakati pa 13 ndi 20 ndi bwino, ndipo ikafika pa ziro kapena kulowa mainasi ndiye kuti phokoso lafanana kapena laposa siginolo. Pansi pa kauntala paja inali -2. Padenga, eriyo itayang'ana kumene mphamvu inali -87, `SINR` inali 6 yokha, chifukwa chakumbali komweko kunali nsanja yachiwiri imene eriyo inkaimvanso. Nditaipotoza pang'ono kuti isiye kuimva bwino nsanja yachiwiriyo, mphamvu inatsika kufika -89 koma `SINR` inakwera kufika 14, ndipo liwiro la intaneti linakwera nayo. Pa ziwirizi ine ndimasankha siginolo yoyera, bola mphamvu isagwe kwambiri, ndipo ndimamva chisoni ndikaona eriyo yolunjikitsidwa pongoyang'ana timizere.

Pali vuto limodzi limene eriyo singachize, ndipo mmisiri woona mtima ayenera kulinena asanalandire ndalama. Ngati intaneti ikuthamanga m'mawa koma ikukwawa kuyambira madzulo mpaka anthu atagona, werengani manambala nthawi zonse ziwirizo. Mukapeza `RSRP` ili pomwepo, tinene -89 m'mawa ndi -89 usiku, ndiye kuti njira ya pakati pa inu ndi nsanja sinasinthe. Chasintha ndi kuchuluka kwa anthu amene akugawana nsanjayo, ndipo kawirikawiri mudzaona nambala yachitatu, `RSRQ`, itatsika kuchoka chakuma -9 kupita chakuma -15. Pamenepo kugula eriyo yaikulu ndi kutaya ndalama. Chimene chingathandize ndi kuyesa laini ya kampani ina, kapena kulunjikitsa eriyo ku nsanja ina imene ili ndi anthu ochepa ngakhale itakhala kutaliko.

Ndisanachoke pamalo ndimalemba manambala atatu aja pa tepi yomata n'kuimata kunsi kwa rauta, pamodzi ndi tsiku. Akadzandiimbira kuti zayambanso kuvuta, ndimawapempha awerenge zimene zili pa tsamba la rauta ndi zimene zili pa tepi. Ngati mphamvu yagwa ndi madesibelo 10 kapena kuposa itangogwa mvula yamkuntho, ndimanyamula sipanala ndi tepi yotsekera madzi, chifukwa kawirikawiri mphepo yapotoza eriyo kapena madzi alowa molumikizira kebulo. Ngati yagwa pang'onopang'ono m'miyezi ya dzinja, ndimayang'ana mitengo imene ili kutsogolo kwa eriyo, poti masamba onyowa amadya mafunde kuposa nthambi zouma za m'chilimwe, ndipo mankhwala ake ndi kukweza paipi kapena kudulira nthambi zingapo.