Tsiku limene ndinalephera kufotokoza yankho langa lomwe

Semesita yapitayi aphunzitsi athu a sitatisitikisi anatipatsa asayimenti yooneka yophweka. Funso lina linkati pa mudzi wina pali alimi ambiri, ndipo asanu mwa iwo anasankhidwa mwachisawawa. Matumba a chimanga amene anakolola anali 8, 10, 12, 14 ndi 16. Tinkayenera kupeza sitandadi diviyeshoni, nambala ija yosonyeza mmene zokolola zatalikirana ndi avareji.

Ndinakumbukira asayimentiyo usiku wa Lachinayi, pomwe tsiku lopereka linali Lachisanu m'mawa. Ndinatsegula chatiboti pa foni, nkulemba manambala asanuwo basi, osatchula za mudzi kapena za alimi osankhidwa. Yankho linabwera msanga, masitepe onse ali m'malo mwake, pamapeto pali 2.83. Ndinakopera papepala nkugona.

Mapepala atabwera, funsolo linali lothetheda. Ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi ndili ndi mtima wokadandaula. Iwo anangoloza mzere umodzi nkundifunsa kuti, "Achimwene, apa mwagawa ndi 5. Tandiuzeni chifukwa chake." Ndinalibe choyankha. Sindinkadziwa n'komwe kuti pali nambala ina imene munthu angagawe nayo. Anandibwezera pepala nkunena mwaulemu kuti m'chipinda cha mayeso foni siloledwa.

Chimene chinachitika ndi ichi. Avareji ya manambalawo ndi 12. Ukachotsa 12 pa nambala iliyonse, nkuchulukitsa chotsalacho ndi icho chomwe, umapeza 16, 4, 0, 4 ndi 16, zomwe pamodzi ndi 40. Ngati alimi asanuwo ndiwo onse amene ukufuna kudziwa za iwo, umagawa 40 ndi 5, nkutenga sikweya ruti ya 8, yomwe ndi 2.83. Koma ngati asanuwo ndi sampulo yoimira mudzi wonse, umagawa ndi 4, ndipo sikweya ruti ya 10 ndi 3.16. Mawu amene ndinawasiya polemba, akuti alimiwo anasankhidwa pakati pa ambiri, ndiwo anali mtima wa funso. Chatiboti inayankha bwinobwino funso limene ndinaifunsa, koma silinali funso la aphunzitsi.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kafunsidwe. Sindinasiye kugwiritsa ntchito chatiboti, chifukwa m'kalasi ya anthu ochuluka mpata wofunsa aphunzitsi umavuta, ndipo mabuku a mu laibulale amalimbiranidwa mayeso akayandikira. Koma tsopano ndisanalembe kalikonse pa foni, ndimayamba ndayesa funsolo papepala, ngakhale ndikudziwa kuti ndilakwitsa. Kuyesako ndiko kumandionetsa malo enieni amene ndakakamira.

Kenako ndimalemba uthenga wokhala ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi kuti ndine yani pa phunziroli: chaka choyamba, masamu anga ndi a MSCE. Chachiwiri ndi funso lonse monga linalembedwera, pamodzi ndi njira imene tinaphunzitsidwa m'kalasi. Chachitatu ndi zomwe ndayesa kale ndi pomwe ndasokonezeka. Chachinayi ndi chimene ndikufuna, komanso chimene sindikufuna. Nthawi zambiri ndimalemba m'Chingerezi, poti ndicho chilankhulo cha manotsi athu komanso zipangizozi zimachimva bwino kuposa Chichewa, koma pa funso la alimi lija uthenga wanga unali wa tanthauzo ili:

"Ndine wophunzira wa chaka choyamba, ndipo sitatisitikisi ndangoyamba kumene. Funso likunena za alimi asanu osankhidwa pa mudzi wa alimi ambiri, ndipo zokolola zawo ndi 8, 10, 12, 14 ndi 16. Ndapeza avareji ya 12, ndipo nditaphatikiza masikweya ndapeza 40. Ndinagawa ndi 5, koma aphunzitsi akuti ndalakwitsa, ndipo m'manotsi muli `n - 1`. Sindikufuna yankho lomaliza. Ndikufuna kumvetsa chifukwa chochotsera 1, m'mawu osavuta, kenako undipatse funso lina lofanana kuti ndiyese ndekha."

Chiganizo chilichonse pamenepo chili ndi ntchito yake. Kutchula chaka kumaletsa kufotokoza kodzaza zizindikiro zimene sitinaphunzire. Kutchula zomwe ndachita kale kumapulumutsa nthawi ndi bandulo, chifukwa sipafunikanso kubwereza za avareji. Kukana yankho lomaliza kumanditeteza kwa ine mwini, poti nambala ikangooneka pa sikirini dzanja limafuna kuikopera.

Zomwe ndinamvetsa usiku umenewo ndikhoza kuzifotokoza lero foni ili m'thumba. Avareji ya 12 yachokera kwa alimi asanu omwewo, ndiye ili pafupi ndi iwo kuposa mmene avareji yeniyeni ya mudzi wonse ingakhalire. Choncho 40 uja nthawi zambiri amakhala wocheperapo, ndipo kugawa ndi 4 m'malo mwa 5 kumakweza yankho pang'ono kuti tikonze kuchepako. Palinso njira ina yoonera nkhaniyi. Kusiyana kwa manambalawo ndi avareji ndi -4, -2, 0, 2 ndi 4, ndipo kukaphatikizidwa kumapereka 0 nthawi zonse. Ukadziwa zinayi, yachisanu yadziwika kale, ndiye zomasuka ndi zinayi zokha.

Komabe kufunsa bwino sikutanthauza kuti zonse zobwera ndi zoona. Chatiboti imalemba cholakwika ndi kudzidalira komweko kumene imalembera cholondola, ndipo kamvekedwe ka mawu sikangakuuze kanthu. N'chifukwa chake ndimatsimikizira kwina. Pa masamu otere ndimalowetsa manambala mu Excel: `STDEV.S` ndi ya sampulo ndipo inapereka 3.16, pomwe `STDEV.P` ndi ya gulu lonse ndipo inapereka 2.83. Kufotokozako ndimakuyerekeza ndi manotsi. Zikasemphana, ndimapita nazo kwa aphunzitsi, ndipo ndaona kuti funso lolunjika chotero amaliyankha mokondwa.

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi amandiseka. Amati, "Aise, chinthu cha mphindi ziwiri ukuchitayira ola lathunthu." Akunena zoona kuti njirayi imachedwa, ndipo sabata imene maasayimenti atatu agundana nanenso ndimayesedwa. Ena amati ngakhale kufunsa kotereku ndi kubera ndithu. Apa ndimatsata lamulo la mwini phunziro: aphunzitsi akaletsa zipangizozi pa asayimenti, sindizikhudza, ndipo akapanda kunena kanthu ndimawafunsa. Pomwe zaloledwa, malire anga ndi akuti chilichonse chopita papepala lopereka ndichilembe ndekha foni nditatseka, ndipo mzere uliwonse ndithe kuufotokoza wina akauloza ndi chala.

Poyesa ngati ndamvadi, ndimasiya tsiku limodzi lidutse, kenako ndimatenga manambala atsopano. Ulendo umenewo ndinatenga 5, 7, 9 ndi 11 ngati sampulo. Avareji inali 8, masikweya pamodzi 20, ndipo nditagawa ndi 3 nkutenga sikweya ruti ndinapeza 2.58. Excel inavomereza.

Pa mayeso otsiriza panabwera funso la mtundu womwewo, la kulemera kwa nkhuku zosankhidwa m'khola. Ndisanagwire kakyuleta ndinawerenga funsolo kawiri, nkulemba mzere pansi pa mawu akuti zosankhidwa.